Kuwerengetsa mtengo wa sheya ya banki mkhonde lisanafike tsiku logawana

Magulu ambiri a banki mkhonde kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje amaswa bokosi mu Disembala, pamene mvula yayamba, feteleza akufunika kumunda ndipo fizi ya mu Januwale yayandikira. Mikangano ya tsikuli nthawi zambiri siyichokera pa kuba. Imachokera pa masamu, makamaka gulu likagawa ndalama zolembedwa m'kaundula m'malo mogawa ndalama zomwe zili pamphasa. Mtengo wa sheya umapezeka pogawa ndalama zomwe zilipodi ndi masheya omwe alipodi, ndipo ntchito yonse yagona pa kupeza manambala awiriwa molondola.

Tiyerekeze gulu la anthu 20 cha ku Luchenza, alimi a tiyi ndi amayi ogulitsa nthochi ndi tomato, lomwe lakumana sabata iliyonse ka 48 chiyambire Januwale. Sheya imodzi ndi K1,000 ndipo pa msonkhano munthu amagula kuyambira imodzi mpaka zisanu.

Yambani ndi masheya. Mabuku onse a mamembala asonkhanitsidwe, ndipo owerenga ndalama awiri a gulu awerenge zidindo za masheya m'buku lililonse, wina payekha winanso payekha, mwini buku ali pomwepo. Masheya omwe munthu anagulitsa pakati pa chaka atagwa m'mavuto amakhala okhwatchidwa, amenewo musawerenge. Zotsatira zake muziyerekeze ndi kaundula wa alembi. Zikasiyana musapitirire kufikira mutapeza tsiku lomwe zinasemphana, ndipo kawirikawiri limakhala tsiku lomwe alembi anali kumaliro wina n'kuwagwirira cholembera. M'gulu lathuli masheya onse apezeka 3,200, kutanthauza kuti mamembala anasunga K3,200,000.

Kenako kaundula atiuze zomwe tikuyembekezera kupeza. Chiwongoladzanja chomwe chinalowa chaka chonse ndi K1,130,000. Zindapusa za ochedwa ndi ojomba zinakwana K46,000. Gulu linagwiritsa ntchito K16,000 pa makope, inki ya chidindo, loko watsopano ndi ndalama yodulidwa potapa pa foni. Tikaphatikiza zolowa ndi masheya n'kuchotsa zotuluka, kaundula akunena K4,360,000. Koma pamphasa pawerengedwa K4,260,000. Kusiyana kwa K100,000 kuyenera kukhala ndi dzina, ndipo pano dzina lilipo: mayi mmodzi sanabweze K100,000 yomwe anakongola, ndipo pamodzi ndi chiwongoladzanja chake ngongoleyo ndi K120,000. Kusiyana kukakhala kopanda mwini wake, ndiye kuti pena palembedwa kawiri, pena pasiyidwa, kapena ndalama yasowadi. Zimenezi zikambidwe musanagawe ngakhale tambala.

Ngati ndalama zina mumasunga ku banki kapena pa Mpamba ndi Airtel Money, zitapeni kusanafike tsikulo ndipo muwerenge zomwe zatuluka m'manja mwa ejenti, osati zomwe foni ikuonetsa. Thumba la chithandizo lija la matenda ndi maliro likhale m'mbale yakeyake. Aliyense amasonkha mofanana, K200 pa sabata, choncho siligawidwa potsata masheya. Pa K192,000 yomwe inasonkhedwa, K130,000 inathandiza ovutika ndipo yatsala K62,000. Mutha kuyambira nayo chaka chamawa, zomwe ife timalimbikitsa chifukwa malungo amachuluka nthawi ya dzinja, kapena kugawana mofanana K3,100 aliyense.

Tsopano nkhani ya mayi wangongole uja, yomwe ndi yofunika kuimvetsa bwino. Iye ali ndi masheya 150. Njira yomwe alangizi ambiri amaphunzitsa ndi yokhwatcha masheya ake olingana ndi ngongoleyo pa mtengo womwe anagulira. Ngongole ya K120,000 ikufafaniza masheya 120, iye n'kutsala ndi 30. Masheya a gulu lonse atsika kuchoka pa 3,200 kufika pa 3,080. Tikagawa K4,260,000 ndi 3,080, sheya imodzi ikugwa pa K1,383 ndi matambala ochepa.

Musalipire K1,383. Tsitsani kufika pa nambala yomwe ndalama za mapepala zingathe kulipira, ndipo nthawi zonse muzitsitsa, osakweza. K1,380 ndi yabwino chifukwa imagawika ndi 20, motero gawo la wina aliyense lingalipiridwe ndi timapepala ta K20. Mukatsitsa mpaka K1,350 pofuna kupewa zosintha, pakhala potsala ndalama zoposa K100,000 zomwe zidzabweretsa mkangano wina. Pa K1,380, masheya 3,080 akudya K4,250,400 ndipo K9,600 ikutsala. Gulu ligwirizane za yotsalayi, kaya kugulira mabuku atsopano kaya kuisiya m'bokosi. Bambo amene amagula masheya asanu sabata iliyonse ali nawo 240 ndipo alandira K331,200. Mayi wogula awiriawiri ali ndi 96 ndipo atenga K132,480. Wangongole uja, pa masheya 30 otsala, atenga K41,400. Aliyense wapindula K380 pa K1,000 iliyonse yomwe anasunga mpaka tsikulo.

Ilipo njira yachiwiri yomwe magulu ena amatsata. Amaona ngati ngongole yabwezedwa, n'kuphatikiza K120,000 ija ku ndalama za pamphasa kuti zikhale K4,380,000, kenako kugawa ndi masheya onse 3,200. Sheya ikugwa pa K1,368 tikataya matambala. Mayi uja masheya ake 150 akumupatsa K205,200, mumchotsera ngongole ya K120,000, atsala ndi K85,200. Onani kusiyana kwake: K85,200 pa njira iyi, K41,400 pa njira yoyamba. Kwa bambo wa masheya 240 kusiyana ndi K2,880 chabe, koma kwa wangongole ndi K43,800, ndalama yoti munthu angalire nayo pagulu. Masamu a njira zonse ziwiri amakwana. Yoyamba imalanga wosabweza pomumana phindu la masheya okhwatchidwa, yachiwiri imamuchitira chifundo. Chosayenera ndi kusankha njira tsiku logawana mutaona kale amene wakodwa, chifukwa pamenepo anthu amavotera ubale. Malamulo a gulu anene zimenezi kuyambira mu Januwale. Ife timakonda yoyamba, popeza gulu lochitira chifundo osabweza limapeza kuti chaka chotsatira theka la mamembala lafika Disembala lili ndi ngongole.

Njira yachiwiri ili ndi msampha wakenso. Imagwira pokhapokha gawo la wangongole likuposa ngongole yake. Tiyerekeze munthu wa masheya 60 anakongola K200,000 n'kuwolokera ku Mozambique kudzera pa Muloza osabweranso. Gawo lake lonse silifika K85,000. Mukaphatikiza K200,000 yathunthu ku ndalama zogawana, mukugawa ndalama zomwe palibe, ndipo olandira komalizira apeza mphasa yayera. Apa khwatchani masheya ake onse 60, gawani ndalama zomwe zilipo, ndipo chotsala cha ngongoleyo chilembedwe padera pamodzi ndi mndandanda wa masheya a chaka chino. Ikadzabwezedwa, ngakhale kudzera kwa amfumu, idzagawidwe potsata mndandanda umenewo, osati wa chaka chatsopano. N'chifukwa chake lamulo loti munthu asakongole kuposa katatu zomwe wasunga liyenera kugwiridwa mwamphamvu, ndipo chakumapeto kwa chaka ndi bwino kulitsitsanso.

Cholakwika china chofala ndi kubwezera aliyense masheya ake kenako phindu n'kugawana mofanana. Zimamveka ngati chilungamo koma si choncho. Phindu la K1,170,400 logawidwa pa anthu 20 likupereka K58,520 aliyense. Bambo wa masheya 240 amayenera kupindula K91,200, ndiye walandidwa K32,680, pamene mayi wa masheya 96 amene phindu lake linali K36,480 wawonjezeredwa K22,040 ya thukuta la mnzake. Chaka chamawa palibe amene adzagule masheya asanu. Magulu enanso amabwezera munthu chiwongoladzanja chomwe iye mwini analipira. Zotsatira zake n'zakuti wosunga wosakongola sapeza kanthu ngakhale ndalama zake ndi zomwe zinazungulira, ndipo anthu amayamba kukongola popanda bizinesi pongofuna kudzalandira zambiri.

Wina amafunsa za munthu amene anagula masheya ambiri mu Novembala atagulitsa nandolo kapena chinanazi: bwanji sheya yake ilandire K380 mofanana ndi ya mu Januwale yomwe yagwira ntchito chaka chonse? Funsoli ndi loona. Kuwerengera miyezi ya sheya iliyonse kungasokoneze gulu, choncho chitetezo chake ndi malire a masheya asanu pa msonkhano. Musalole munthu kugula masheya 40 tsiku limodzi ponena kuti akulipira masabata omwe anadumpha. Musasinthenso mtengo wa sheya pakati pa chaka, ngakhale zinthu zitakwera mitengo monga zinachitikira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zidindo za K1,000 ndi za K2,000 zikasakanikirana m'buku limodzi, kuwerenga zidindo sikukuuzaninso zomwe munthu anasunga.

Musadikire Disembala kuti mudziwe komwe mukupita. Mu Okutobala, phatikizani ndalama za m'bokosi ndi ngongole zomwe mukukhulupirira kuti zibwera, kusiya zokayikitsa ndi chiwongoladzanja chomwe sichinalowe, kenako gawani ndi masheya a pa tsikulo. Gulu lathuli likadakhala ndi K380,000 m'bokosi, ngongole za K3,150,000 zomwe K150,000 mwa izo ndi yokayikitsa, ndi masheya 2,700, sheya ikadagwa pafupifupi K1,250. Aliyense achulukitse ndi masheya ake adziwiretu za matumba a feteleza omwe angakwanitse. Nambalayi ikatsika kufika pansi pa K1,000, ndiye kuti gulu ladya mbewu, ndipo mabuku afufuzidwe sabata yomweyo. Kukongoletsa kuleke kukatsala miyezi iwiri kapena umodzi, malinga ndi kutalika kwa ngongole zanu, kuti zonse zibwerere m'bokosi.

Tsiku logawana, mtengo wa sheya ulembedwe pa bolodi kapena pa pepala lalikulu, ndipo anthu awiri awerengetse gawo la aliyense pa mafoni awiri osiyana. Ndalama ziikidwe m'buku la mwini wake, milu 20 pamphasa, koma wina asatole kufikira milu yonse itakwana ndipo K9,600 ija ikuoneka yatsala payokha. Mukalakwitsa ndi masheya 10 okha owonjezera m'buku la munthu mmodzi, pachoka K13,800, yotsala ija yatha ndipo mulu womaliza uperewera ndi K4,200. Mabuku onse akadali pamphasa, kulakwitsako kumapezeka n'kukonzedwa pomwepo, pamene anthu akamatola mmodzimmodzi n'kumapita, wolakwitsidwa uja amakhala atafika kale pamsika. Zonse zikakwana, aliyense awerenge ndalama zake pamaso pa gulu, asaine kapena adinde chala m'kaundula, ndipo masheya onse a m'buku lake akhwatchidwe ndi cholembera chofiira kuti asadzawerengedwenso chaka chamawa.