Momwe mungakonzere bajeti zitatu ngati fizi ndi thandizo sizidziwika kuti zibwera zingati

Sukulu zambiri za mkaka ndi za pulaiveti zimakonza bajeti pochulukitsa chiwerengero cha ana ndi fizi, ngati kuti kholo lililonse lilipira. Teremu isanafike pakati, aphunzitsi amayamba kuuzidwa kuti adikire kaye. Njira yopewera zimenezi ndi kulemba bajeti zitatu teremu isanayambe: ya zikayenda bwino, ya zomwe mukuyembekezera, ndi ya zikavuta. Tiyeni tione chitsanzo cha sukulu ya ana 80, fizi K30,000 pa teremu.

Yambani ndi buku la malisiti. Onani teremu yofanana nayo ya chaka chatha ndi dzana lake, muwerenge ana omwe analipiradi, osati omwe analembetsa. Izi n'zofunika chifukwa materemu safanana. Teremu yomwe imayamba mu Januwale imagwera nthawi yomwe ndalama zathera ku feteleza ndipo ufa wachepa m'nyumba, pomwe yotsatira imapeza anthu akolola ndipo misika ya fodya yatsegulidwa.

Tinene kuti bukulo laonetsa kuti nthawi zambiri amalipira ndi ana 64, teremu yabwino kwambiri anali 76, ndipo yoipitsitsa 48. Ndiye kuti fizi ndi K1,920,000 pa bajeti yoyembekezera, K2,280,000 zikayenda bwino, ndi K1,440,000 zikavuta. Ngongole za makolo za teremu yatha muziike pa bajeti ya zikayenda bwino yokha.

Ndalama za akufuna kwabwino zimafuna kusamala koposa. Tinene kuti mpingo wina walemba kalata kuti upereka K300,000 ya phala, ndipo munthu wina walonjeza pakamwa K300,000 inanso. Zikayenda bwino werengerani zonse, ndalama zolowa zikwane K2,880,000. Pa yoyembekezera werengerani ya kalata yokha, zikwane K2,220,000. Pa ya zikavuta musawerengere ngakhale tambala, chifukwa ngakhale thandizo la kalata limatha kufika teremu itatha. Kumbukiraninso kuti ndalama ya phala ndi ya phala basi. Mukailipirira aphunzitsi, woperekayo akadzafuna malisiti ubale umathera pomwepo.

Kenako gawani zogula patatu. Zosapeweka ndi malipiro K1,200,000, lendi K300,000, madzi ndi magetsi K100,000, zonse K1,600,000. Zofunika koma zotheka kuchepetsa ndi phala K300,000 ndi choko, mabuku ndi sopo K200,000. Zodikira ndi penti ndi mipando yatsopano, K600,000.

Tsopano yerekezani. Pa bajeti yoyembekezera mukalipira magulu awiri oyambawo, K2,100,000, mutsala ndi K120,000. Imeneyi ndiyo bajeti yogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo penti mulibemo. Koma pamene ine ndimati komiti ikhale pansi nthawi yaitali ndi pa ya zikavuta. K1,440,000 siikwanira ngakhale zosapeweka zokha: yaperewera ndi K160,000, phala ndi choko tisanawerengere. Komiti igwirizane lero lomwe kuti zikatero itani, ndipo ilembe m'maminitsi. Mwina makolo omwe alibe ndalama abweretse ufa, soya kapena nkhuni pa mtengo wogwirizana. Mwina a landilodi apemphedwe msanga kuti alandire lendi pang'onopang'ono. K120,000 yotsala pa teremu yabwinobwino isungidwe padera kuti idzathandize kutseka dzenje limeneli.

Ena amangochotsa 10 peresenti pa bajeti yoyembekezera n'kuitcha ya zikavuta. Imeneyo siikuchenjezani chilichonse, chifukwa mavuto amabwerera limodzi. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu inakwera pa nthawi yomweyo imene makolo anali kuvutikira kupeza ndalama. Choncho pa bajeti ya zikavuta, tsitsani zolowa komanso kwezani mtengo wa shuga, ufa ndi mabuku.

Chomaliza, ikani tsiku loona kuti muli pa bajeti iti. Ngati malisiti akale akuonetsa kuti theka la fizi limakhala litalowa pofika Lachisanu la sabata yachinayi, tsiku limenelo msungichuma abwere ndi buku, sitetimenti ya kubanki ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba. Fizi ikafika K960,000, pitirizani monga mwakonzera. Ikakhala K720,000 kapena kucheperapo, yambani zomwe munalemba m'maminitsi Lolemba lotsatira, osadikira kuti "alipira mwezi ukatha". Ikagwera pakati, gulani choko ndi sopo wa mwezi umodzi yekha, mudzaonenso pakatha masabata awiri. Penti ndi mipando mugule pokhapokha ndalama yake italowadi ndipo malipiro a mwezi womaliza wa teremu mwaika kale pambali.