Kuyesa kasanjidwe katsopano ka zotsatira zofufuza

"Ndasintha kasanjidwe ka zotsatira pa kaapu kathu kofufuzira mitengo ya mbatatesi kuno kwa Lizulu, ndidziwa bwanji kuti kali bhobho?"

Achimwene, gawani anthu pawiri mwamaere potengera nambala ya munthu aliyense, ena aone zakale ena zatsopano, ndipo asamasinthe gulu. Zisiyeni masabata awiri athunthu, poti tsiku lamsika anthu safufuza ngati masiku ena. Musasuzumire Lachitatu nkulengeza kuti mwapambana, manambala amavina koyambaku.

Kenako onani kaye ngati maguluwo akufanana kukula, 5,000 kwina 4,300 ndiye kuti kagawidwe kaphonya, konzani muyambirenso. Powerenga zodina samalani, munthu akadina nkubwerera pasanathe masekondi 30 ndiye mwina sanapeze chomwe amafuna, ameneyo musamuwerenge ngati wakhutira, ngakhale zodina zichuluke chotani.