Kudzikoka pa chitsulo ndi kukoka chingwe uli chikhalire: momwe mungamvere kusiyana kwake

Tiyerekeze kuti mumalemera makilogalamu 70. Ku jimu mumakhala pa mashini aja okoka chingwe kuchokera m'mwamba, n'kutsitsa makilogalamu 50 kakhumi konse. Koma mukalendewera pa chitsulo kuti mupange pulu-apu, chibwano chimakana kufika pa chitsulopo ngakhale kamodzi. Sikuti mashiniwo akukunamizani. Mnofu waukulu wokoka ndi womwewo, latisimasi, umene umachokera kumunsi kwa msana n'kukagwira fupa la mkono pafupi ndi m'khwapa. Kusiyana kuli pa chimene chikuyenda. Pa mashini, ntchafu zapanikizidwa ndipo manja ndiwo amatsika. Pa chitsulo, manja ali malo amodzi, thupi lonse ndilo limakwera, choncho minofu ya pamimba imalimbana kuti musamangogwedezeka ngati thumba la chimanga, pomwe zala zanyamula makilogalamu 70 onse.

Yambirani pa mashini, ndi katundu wopepuka. Gwirani chitsulo cha pa chingwecho motalikitsa manja pang'ono kupitirira mapewa, n'kulola kuti chikutambasuleni. Mudzamva mafupa aphwatalala a kuseri kwa mapewa akukwera ndi kuzungulira, nsonga zake zam'munsi zikulowera kunja. Zimayenera kutero: pa madigiri 180 amene mkono umakwera, pafupifupi 60 amachokera ku fupa limeneli. Tsopano tsitsani mapewa kaye kuti atalikirane ndi makutu, kenaka kokerani zigongono ku nthiti mpaka chitsulo chifike pachifuwa. Kuseri kwa khosi ayi, kumeneko mumangofinya mfundo ya phewa.

Apa m'pamene ambiri amabera. Katundu akalemera, amagonera chagada, ndipo mafupa aja m'malo motsika amangokokerana pakati. Ntchito imasamukira ku minofu ya pakati pa msana. Mnzanu aime pambali: akaona msana ukupendekera kumbuyo nthawi iliyonse mukakoka, chotsani makilogalamu 10.

Mukatero pitani pa chitsulo. Lendewerani, mapewa afike m'makutu, miyendo pamodzi, mimba yolimba. Osapinda zigongono, kankhirani mapewa pansi. Thupi lidzakwera pang'ono, mwina kutalika kwa zala ziwiri kapena zitatu. Kayendedwe kake n'komweko, kungoti tsopano nthiti ndizo zikukwezedwa kutsata mafupawo, ndipo minofu yowatsitsa yasenza thupi lanu lonse. Ambiri amphamvu pa mashini amagwera pomwepa. Chitani zimenezi kasanu, mupume, mubwereze katatu.

Chotsatira, kwerani pa mpando, muyambire pamwamba chibwano chitadutsa chitsulo, n'kumatsika kwa masekondi asanu. Mukaona mapewa akugwera kutsogolo ndipo khosi likutambasuka ngati la nkhuku yofuna kumwa, kapena zigongono zikupinda mapewa akadali m'makutu, ndiye kuti mikono yalanda ntchito ya msana. Tsikani, mupume. Phewa likamabaya kutsogolo, kusiyana ndi kutopa wamba, lekezani pomwepo ndipo mukaonane ndi a chipatala.