Malangizo a Kafukufuku wa Ophunzira za Ziweto: Katemera wa Chitopa pa Nkhuku za Pakhomo

Malangizowa akutsata mmene ntchitoyi ingayendere m'midzi ya ku Salima, m'mbali mwa nyanja ya Malawi, koma ophunzira a ku Chipata, Katete ndi Petauke angawagwiritse ntchito chimodzimodzi. Funso la kafukufuku ndi limodzi: kodi mabanja amene amatemera nkhuku zawo amataya zingati ndi matenda, poyerekeza ndi amene satemera?

Yambani mwaonana ndi amfumu komanso alangizi a ziweto a m'deralo. Sankhani mabanja 20, khumi ofuna katemera ndi khumi amene satemera mwa kufuna kwawo. Musaletse munthu kutemera pofuna kuti manambala anu aoneke bwino.

Katemera woyenera ndi wa I-2. Amadonthezedwa m'diso, dontho limodzi pa nkhuku iliyonse, kaya ndi mwanapiye wa tsiku limodzi kaya tambala wamkulu, ndipo amabwerezedwa pakatha miyezi inayi iliyonse. Ambiri amatsata Malichi, Julaye ndi Novembala. Wa Julaye musamuphonye, chifukwa chitopa chimakonda kuvuta m'chilimwe. Botolo ligwiridwe choimirira, kamwa yake pansi, kuti dontho lituluke lokwanira. Nkhuku isasiyidwe mpaka dontholo litalowa. Nyama ndi mazira a nkhuku yotemeredwa zimadyedwa popanda vuto.

Pepala la m'botolo limati katemerayu amapirira kutentha. Apa m'pamene ambiri amalakwira. Kupirira kwake n'kwa masiku ochepa ali pamthunzi, osati pa dzuwa la ku Salima la Okutobala ndi Novembala, kapena m'thumba la buluku la munthu wopalasa njinga. Asungidwe mu furiji pakati pa madigiri 2 ndi 8, osati m'chigawo choumitsa madzi. Popita kumudzi kulungani botolo m'kansalu konyowa, muike m'kadengu kolowa mphepo, ndipo nsaluyo muziinyowetsa ikayamba kuuma. Botolo likatsegulidwa lithe m'masiku amene alembedwa pa pepala lake. Uzani eni nkhuku dzulo lake kuti asazitsegulire m'mawa, apo ayi mudzathamangitsana nazo m'tchire katemera akuwonongeka.

Nkhuku yodwala isatemeredwe. Katemera sachiza, ndipo chitetezo chimakhwima pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Chitopa chikakhala kuti chalowa kale m'mudzi, imani. Nkhuku imene yatenga kale kachilombo imaoneka yabwinobwino kwa masiku angapo, ndiye ikafa mutaidontheza, mudzi wonse udzati mwapha ndinu, ndipo ulendo wina palibe adzakutsegulireni khola.

Gawo lofuna mtima kwambiri ndi kalembera. Banja lililonse likhale ndi tsamba lake m'kope, ndipo muzilichezera sabata iliyonse. Musalembe chabe kuti nkhuku zachepa; lembani kumene iliyonse yapita. Tiyerekeze kuti banja lina linali ndi nkhuku 16 mu Julaye, ndipo pofika Novembala pa zomwezo zatsala 9. Wopupuluma adzalemba kuti zafa 7. Mukafunsa bwino amayi a pakhomopo, amene kawirikawiri ndiwo amazidziwa nkhukuzo, mupeza kuti ziwiri anagulitsa, imodzi anaphera alendo, anapiye awiri anatengedwa ndi mphamba, ndipo zofa ndi matenda ndi ziwiri zokha. Ziwiri pa 16 ndi 12.5 peresenti, ndipo nambala imeneyi ndiyo muyerekeze ndi ya mabanja osatemera. Anapiye oswedwa pakati pa nthawiyi alembedwe padera, popeza sanalandire dontho.

Pa zofa ndi matendazo lembaninso zizindikiro. Chitopa chimaoneka ndi chitosi chobiriwira cha madzimadzi, mapiko ogwa ngati yavala jekete, kupuma movutikira, khosi lopindika, ndi nkhuku zambiri kufa m'masiku ochepa. Chitosi cha magazi pa anapiye chimaloza ku matenda a m'matumbo obwera ndi khola lonyowa, pamene tizilonda ta nkhanambo pa lipombo ndi m'zikope ndi nthomba ya nkhuku, yofalitsidwa ndi udzudzu, umene kunyanja susowa. I-2 sateteza ku ziwirizi, choncho musaziwerengere ngati kulephera kwa katemera. Zikafa zambiri mwadzidzidzi dziwitsani alangizi msanga, chifukwa chimfine cha mbalame chimafanana ndi chitopa ndipo ndi ku labotale kokha kumene angasiyanitse. Zakufa zikwiriridwe mozama kapena zitenthedwe, zisadyedwe.

Funsaninso za nkhuku yachilendo iliyonse, yogula pa msika wa pa Kamuzu Road kapena yopatsidwa ndi achibale. Iyenera kukhala payokha masiku 14 isanasakanikirane ndi zinzake, ndipo tsiku limene inafika lilembedwe m'kope moyandikana ndi tsiku limene nkhuku yoyamba inadwala pakhomopo.