Kuika logo pa tisheti yopinda kuti itsatire makwinya a nsalu

Amene mumadinda matisheti kuno ku Lilongwe mukudziwa kuti atsogoleri a kwaya kapena a sukulu amafuna kuona chithunzi cha tisheti asanalipire. Logo yongoikidwa pamwamba pa chithunzi imaoneka ngati pepala lomata, chifukwa nsalu ili ndi makwinya pomwe zilembo zili zowongoka. Mu Photoshop timakonza zimenezi ndi mapu osunthira, amene ndi chithunzi chomwecho cha tisheti koma chopanda mitundu.

Chofunika kumvetsa nchakuti mapuwo sadziwa kuya kwa khwinya, amangowerenga kuwala. Potuwa pakati, pa 128 pa muyeso wa kuwala woyambira 0 mpaka 255, palibe chosuntha, pamene poyera pamakankhira logo m'mwamba ndi kumanzere, ndipo pakuda pamaikankhira m'munsi ndi kumanja. Choncho jambulani tisheti pafupi ndi windo, kuwala kukuchokera mbali imodzi, kuti makwinya akhale ndi mthunzi.

Tiyerekeze kuti tisheti ndi yoyera ndipo chithunzi nchamapikiselo 3000 m'lifupi. Pangani kope lake, chotsani mitundu ndi Desaturate, kenako lifewetseni ndi Gaussian Blur ya mapikiselo 3 mpaka 5. Ambiri amadumpha pamenepa, ndiye m'mphepete mwa zilembo mumatuluka mano ngati a sowo, poti mapu akutsatira ulusi uliwonse wa nsalu. Sungani kopelo ngati PSD osalidula konse, chifukwa kukula kukasiyana logo imapindika pamene palibe khwinya.

Bwererani ku chithunzi choyamba, ikani logo pachifuwa, ndipo muisandutse Smart Object kuti muthe kusintha manambala pambuyo pake. Tsegulani Filter > Distort > Displace, siyani 10 pa Horizontal Scale ndi pa Vertical Scale, sankhani Stretch To Fit ndi Repeat Edge Pixels, kenako lozani fayilo ya mapu ija. Pa 10 logo imasuntha mapikiselo osapitirira 13, zomwe pa chithunzi chachikulu chotere zingachepe. Kwezani pang'onopang'ono, ndipo zilembo zikayamba kuoneka ngati zasungunuka, mwapyola muyeso. Mukamaliza sinthani leya ya logo ikhale Multiply kuti mithunzi ya nsalu ionekere. Pa tisheti yakuda njirayi imameza logo, kotero pamenepo gwiritsani ntchito Blend If.

Pamene nsalu yapindidwa mpamene mapu amalephera. Iwo amasuntha mapikiselo koma sabisa kanthu, chonsecho pa tisheti yeniyeni gawo la logo limene ladutsa mzere wopindira limalowa kunsi. Ngati dzina la kwaya lili m'munsi mwa logo ndipo mzerewo wadutsa pakati pa zilembo, bisani theka lakunsi ndi Layer Mask, ndipo muderetse pang'ono m'mbali mwa mzerewo ndi burashi yofewa. Ine ndimakonda kupinda tisheti mwanjira yoti chifuwa chonse chionekere ndisanajambule, chifukwa kasitomala akaona dzina lodukiza amayamba kufunsa ngati lidzadindidwa lonse.