Momwe mungasamutsire malikisi a m'rejisitala kupita m'kompyuta popanda kulota manambala

Teremu ikamatha, ahedi ambiri kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo amafuna malikisi a kalasi iliyonse ali mu Excel kuti masukulu lipoti atuluke msanga. Kutaipa kwenikweniko sikuvuta. Chovuta ndi rejisitala imene inalembedwa mothamanga, ndi zolembera zamitundumitundu, ina itanyowa ndi chiperoni m'chikwama mpaka inki kuyenderera. Mumafika pa nambala yoti simukudziwa ngati ndi 17 kapena 77, kapena pamene 46 anakhwatchidwa n'kulembapo 64 pamwamba. Lamulo loyenera kuligwira ndi ili: m'kabokosi ka malikisi muzilowa nambala yokhayo imene muli nayo umboni. Yokayikitsa isiyeni, koma mulembe chifukwa chake. Masitepe onse ali m'munsiwa akutumikira lamulo limenelo, ndipo amagwiranso ntchito mu LibreOffice Calc ndi Google Sheets, ngakhale mayina a mabatani ena amasiyana.

Konzani tebulo musanataipe dzina ngakhale limodzi

Yambani mwajambula tsamba lililonse la rejisitala ndi foni, masana, buku litagona bwino patebulo. Chithunzi chimakulolani kukulitsa nambala yovuta, komanso chimasunga mmene tsamba linalili musanaligwire. Zithunzizi zisapite m'magulu a WhatsApp, ndi malikisi a ana a eni. M'bukumo musalembemo chilichonse, ngakhale kudindikiza nambala imene mukuona kuti yafufutika, chifukwa mukatero mwaononga umboni umene mphunzitsi akanayang'ana.

Tiyerekeze kuti ndi kalasi ya Sitandade 7 ndipo m'bukumo muli maphunziro asanu, lililonse pa 100. Mzere woyamba wa tebulo ukhale wa mitu. Kolamu A ikhale ya nambala ya tsamba la rejisitala, B ya nambala ya mzere pa tsambalo, C ya dzina la mwana. Kuyambira D mpaka H muike maphunziro, mu ndondomeko yomwe ali m'bukumo osasintha: Chingerezi, Chichewa, Masamu, Sayansi, Sosho. Kolamu I ndi ya totala imene mphunzitsi anawonkhetsa pamanja. Anthu ambiri amaidumpha poganiza kuti kompyuta iwonkhetsa yokha, koma imeneyi ndiye mboni yanu yaikulu, ndiye itaipeni monga ilili. Kenako mu J2, K2 ndi L2 lembani izi, n'kuzikokera pansi mpaka pa mwana womaliza:

```
=SUM(D2:H2)
=I2-J2
=COUNT(D2:H2)
```

J ikupatsani totala ya kompyuta, K kusiyana kwa matotala awiriwo, L kuchuluka kwa maphunziro amene muli nambala yeniyeni. Mzere wabwinobwino uyenera kuonetsa 0 mu K ndi 5 mu L. Kolamu M ikhale ya ndemanga.

Sankhani mabokosi onse a D mpaka H kuyambira pa mzere wachiwiri, pitani pa Data, kenako Data Validation, musankhe Whole number pakati pa 0 ndi 100. Ngati aphunzitsi amapereka theka la malikisi, sankhani Decimal. Izi zimakana 770 chala chikadumpha, zimakananso chilembo O chikalowa m'malo mwa 0. Chilembo choterocho n'choopsa chifukwa SUM sadandaula, amangolidumpha bokosilo n'kupereka totala yochepa. N'chimodzimodzi mukataipa 5? poganiza kuti mudzabwererapo. Ndipo ngati m'buku analemba 7/10, musataipe choncho, Excel amakusandutsirani deti. Taipani 7, ndipo 10 apite pa mutu wa kolamu. Malizani ndi View, Freeze Panes, Freeze Top Row kuti mitu izioneka mukamatsika.

Taipani ulendo woyamba osaima pa zovuta

Ikani rula pansi pa mzere umene mukuwerenga, muziitsitsa mukamaliza mwana aliyense. M'kalasi ya ana 90 maso amadumphira mzere wa mnzake mosadziwa, makamaka pamene mayina awiri ofanana atsatizana. Mukafika pa nambala yosaoneka bwino, siyani bokosi lopanda kanthu, lipakeni chikasu, ndipo mu M mulembe zimene mukuona, monga "Masamu: 17 kapena 77". Mtundu wokha si wokwanira, chifukwa pepala likasindikizidwa ndi inki yakuda kapena failo ikasungidwa ngati CSV, chikasucho chimasowa koma mawu amatsala. Muzidina Ctrl+S pakutha pa tsamba lililonse, magetsi sachenjeza akamathima.

Kamzere, bokosi lopanda kanthu ndi 0 si zofanana. Mwana amene analemba mayeso n'kupeza 0, mutaipe 0. Amene sanabwere, musiye bokosi lopanda kanthu n'kulemba "sanalembe Sayansi" mu M. AVERAGE amawerengera 0 koma amadumpha bokosi lopanda kanthu, choncho mukaika 0 kwa ana khumi amene anajomba tsiku la mvula mwatsitsa avereji ya kalasi yonse. Ngati sukulu ili ndi lamulo loti wojomba amapatsidwa 0, zimenezo anene ndi ahedi, osati wotaipa.

Nambala yosaoneka bwino

Mukamaliza ulendo woyamba, bwererani ku mabokosi achikasu. Choyamba phunzirani kalembedwe ka mphunzitsiyo. Fufuzani pa tsamba lomwelo malo amene nambalayo singakayikitse, monga manambala a mizere amene amayenda 1, 2, 3 kutsika pansi, kapena deti. Muone ngati 7 wake amamudula pakati, ngati 1 wake ali ndi kamutu, ngati 4 wake amatseka pamwamba ngati 9. Amene amasokoneza kawirikawiri ndi 1 ndi 7, 4 ndi 9, 3 ndi 8, 0 ndi 6, komanso 2 ndi 7 akalembedwa mothamanga. Yerekezani ndi zolemba za munthu yemweyo basi. Ku sekondale kolamu iliyonse ikhoza kukhala ya mphunzitsi wina, ndiye 7 wa wa Masamu sakuuzani kanthu za 7 wa wa Chingerezi.

Chachiwiri ndi totala. Mwana wa pamzere 14 ali ndi Chingerezi 62, Chichewa 71, Sayansi 55, Sosho 48, ndipo Masamu ndi amene akuoneka ngati 17 kapena 77. Totala ya m'buku ndi 313. Kompyuta yawonkhetsa zinayi zija n'kupeza 236, kotero K ikuonetsa 77. Popeza 77 ndi imodzi mwa nambala ziwiri zimene munazikayikira kale, umboni wakwana. Taipani 77, K ibwerere pa 0, ndipo ndemanga musaifufute koma muwonjezere kuti "yatsimikizika ndi totala".

Njirayi ili ndi malire. K ikanaonetsa 87, nambala imene sikufanana ndi zomwe zili papepala, musaitaipe pongofuna kuti K ikhale 0, chifukwa mwina mphunzitsi ndiye anaphonya powonkhetsa. Ndiponso mabokosi okayikitsa akakhala awiri mu mzere umodzi, totala ikhoza kulephera kuweruza. Ngati Masamu ndi 38 kapena 88, Sayansi 72 kapena 22, ndipo K ikuonetsa 110, ndiye kuti 38 ndi 72 akukwana, 88 ndi 22 nawonso akukwana. Apa palibe kuchitira mwina, pafunika mapepala a mayeso a mwanayo kapena mphunzitsi amene anachonga. Musayang'ane malikisi ena a mwana n'kunena kuti uyu ndi wanzeru, sangapeze 38. Kumeneko ndi kulota.

Malikisi okhwatchidwa

Kukhwatcha kwabwino ndi kamzere kamodzi, nambala yakale ikuwerengeka, yatsopano ili pambali, ndipo mphunzitsi wasainira. Pamenepo taipani yatsopanoyo, yakale muisunge mu M: "Masamu: anakhwatcha 46, analemba 64, pali siginecha".

Pamene palibe siginecha, funsaninso totala, koma funso lake likhale loti kusinthako kunachitika liti. Mwana wa pamzere 22 ali ndi 58, 66, 51 ndi 70, zimene zikukwana 245, ndipo Masamu ndi 46 wokhwatchidwa, pamwamba pake 64. Totala ya m'buku ikakhala 309, mphunzitsi anawonkhetsa atasintha kale, ndiye 64 ndi nambala imene iye mwini anagwiritsa ntchito. Ikakhala 291, anawonkhetsa pali 46 ndipo wina anadzasintha pambuyo pake. Zimenezo sizikutanthauza chinyengo. Mwina mwana anabwera ndi pepala lake kudzaonetsa kuti malikisi anakopedwa motembenuza, mphunzitsi n'kukonza koma kuiwala totala. Koma rejisitala imagonanso m'kalasi, ndipo manja amene amaigwira ndi ambiri. Onani ngati inki ndi kalembedwe ka 64 zikufanana ndi za kolamu yonse, lembani zimene mwaona, bokosi likhalebe lopanda kanthu mpaka mwini phunziro ayankhe.

Pamene apaka tipeksi kapena alemba nambala pamwamba penipeni pa inzake, musapale ndi chikhadabo. Ikani tochi ya foni kuseri kwa tsamba, nthawi zambiri yapansiyo imaonekera. Mzere wonse ukakhwatchidwa, dzina ndi malikisi omwe, mutaipe dzinalo ndi ndemanga, malikisi muwasiye. Kawirikawiri ndi mwana amene anasamuka kapena analembedwa kawiri, ndiye fufuzani ngati dzinalo likupezekanso kutsogolo. Mukangoudumpha mzerewo, manambala a mu B sagwirizananso ndi buku.

Kutsimikiza ndi kutseka mafunso

Tsopano tsikani ndi kolamu K. Kukula kwa kusiyanako kumakulozerani kumene kuli vuto. Kukakhala 9, 18, 27 kapena nambala ina yogawika ndi 9, yambani mwafufuza manambala otembenuzika, monga 46 ndi 64. Kukakhala 6 kapena 60, yang'anani 1 ndi 7 kapena 0 ndi 6. Kukakhala 5 kapena 50, yang'anani 3 ndi 8 kapena 4 ndi 9. Kusiyana kwa 10 ndendende nthawi zambiri kumakhala kwa mphunzitsi amene anaiwala yosunga powonkhetsa. Zikatero totala ya mu I muisiye mmene ilili, mungolemba ndemanga.

K sangagwire malikisi a Sayansi amene alowa mu Sosho, a Sosho n'kulowa mu Sayansi, chifukwa totala sisintha. N'chifukwa chake pafunika anthu awiri, wina akuwerenga buku mokweza, wina akuyang'ana pa kompyuta. Poti munataipa mopingasa, werengani motsika, phunziro limodzi ana onse. Muzitchula nambala imodziimodzi, "wani, faifi", chifukwa fifitini ndi fifite zimamveka ngati chimodzi m'ofesi ya phokoso.

Mafunso otsala musapite nawo limodzilimodzi. Yatsani Filter pa mzere wa mitu, muonetse mizere yokhayo imene ili ndi ndemanga, ndipo mupatse mphunzitsi aliyense mndandanda wake wokhala ndi tsamba ndi mzere. Pemphani kuti abwere ndi mapepala a mayeso ngati akadalipo, osati kuyankha za m'mutu. Akakonza, akonze m'buku ndi dzanja lawo n'kusainira, inu mutaipe nambalayo n'kulemba mu M amene watsimikiza ndi deti.

Kupanga mapozishoni kudikire mpaka bokosi lachikasu lomaliza litatha, chifukwa mwana mmodzi wosowa malikisi 77 amasuntha malo a anzake ambiri. Ndipo posanja ndi Sort, koperani tebulo pa tsamba lina, musankhe makolamu onse kuyambira A mpaka M. Mukasanja kolamu ya totala ya mu I yokha, mayina amatsala pomwe anali, matotala n'kupita kwa ana ena. Tebulo loyamba lija likhalebe mu ndondomeko ya rejisitala, kuti kholo likabwera kudzafunsa za malikisi a mwana wake muthe kutsegula tsamba ndi mzere womwewo m'bukumo.