Ndalama ya nandolo musaigoneke m'nyumba kudikira mvula

Alimi anzanga a ku Mulanje ndi Thyolo, chaka chinonso ndaona zomwe zija. Nandolo mwagulitsa kwa mavenda mu Seputembala, ena mwalandira kabonasi ka tiyi, ndalama mwaimanga pa kansalu nkuyika pansi pa matiresi, ati feteleza tidzagula mvula ikayandikira. Zimenezi zinkatheka nthawi ya makolo athu, pano kwacha siyikudikira munthu ndipo ine zimandiwawa chifukwa takhala tikunena m'misonkhano ya makalabu koma abale simukumva.

Feteleza amene mumathira m'chimanga timachita kuitanitsa kunja, chimodzimodzi petulo, dizilo ndi mankhwala a m'chipatala, ndipo eni katunduyo kwacha saifuna, amafuna madola. Madolawo timawapeza tikagulitsa fodya, tiyi wathu yemweyu wa pa okushoni ya ku Limbe, shuga, nandolo wopita ku India, makademiya. Vuto ndi loti zimene timagulitsa kunja pa chaka zimabweretsa madola pafupifupi 1 biliyoni pomwe zimene timagula zimadya cha m'ma 3 biliyoni, mpatawo timatseka ndi thandizo la mabungwe akunja, ngongole ndi ndalama zimene abale amatumiza kuchokera ku Joni. Ndiye chaka chimene fodya sanayende bwino, kapena tiyi watsika mtengo, kapena minda yakokoloka ngati mmene namondwe Freddy anatichitira mu Malichi 2023, madola olowa amachepa koma ofuna madola sachepa, galimoto zikufunabe dizilo. Zili ngati pamjigo madzi akachepa mu Okutobala, zidebe zilipo zambiri, wothina kwambiri amayamba kulipira kuti atunge msanga. Woitanitsa katundu akapita ku banki amamuuza kuti foreksi kulibe dikirani, iye amakagula dola kwa a bulakimaketi pa mtengo wokwera, ndipo mtengo umenewo amauika pa thumba limene inu mukagule. Mpata wa mtengo wa ku banki ndi wa pamsewu ukakula kwambiri, Reserve Bank of Malawi imatha kutsitsa kwacha mphamvu, monga inachitira mu Meyi 2022 ndi 25 peresenti, kenako mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700.

Tsono onani nthawi yake. Madola a fodya amalowa msika ukatsegulidwa cha mu Epulo mpaka cha mu Ogasiti, ukatsekedwa madola amayamba kusowa, ndipo miyezi yomweyo ya Okutobala ndi Novembala ndi imene dziko lonse likulimbirana feteleza. Inu mumasankha kugula nthawi yoipitsitsa imeneyo.

Tiyerekeze thumba limodzi limamudyera woitanitsa madola 40 kuti lifike kuno. Pa K1,180 ndi K47,200, pa K1,700 ndi K68,000, thumba lomwelo, makilo 50 omwewo, sanaikepo phindu lake ndi thiransipoti. Amene anasunga K141,600 ya matumba atatu akubwera ndi awiri basi.

Bambo ena a kufupi ndi Muloza zinawaonekera chaka chimenecho cha 2023. Anagulitsa nandolo bwinobwino, mayi a kunyumba anawauza kuti bambo tiyeni tikagule feteleza pompano, iwo amvekere "dikira kaye, mwina dzina lathu lituluka pa feteleza wotsika mtengo uja." Dzina silinatuluke, kwacha inagwa, anapita ku sitolo ndi njinga yoti inyamule kawiri nkubwera ndi wokulitsa yekha, wobereketsa anasowa. Nditapita kumunda kwawo mu Febuluwale chimanga chinali chachikasu, masamba am'munsi atauma, zisononkho zake tating'ono. Anandiuza kuti "alangizi, ndalamatu sindinamwere, inali m'nyumba momwemo yonse," ndipo amanena zoona, palibe anaba ngakhale tambala, mphamvu ndi imene inatha.

Ena mumati tikadikira mtengo utsika. Kwacha ikagwa chifukwa cha kusowa kwa madola, mitengo ya zinthu zakunja kawirikawiri siyibwereranso mmbuyo, kuti ibwerere ndiye kuti dziko layamba kugulitsa zambiri kunja, ndipo tiyi wobzala lero amatenga zaka zingapo kuti ayambe kuthyoledwa.

Chochita ndi ichi mwachidule. Mukagulitsa, feteleza ndi mbewu gulani sabata yomweyo kwa ogulitsa ovomerezeka, tengani lisiti, thumba likhale losokedwa bwino chifukwa wosakaniza ndi mchenga amachuluka katundu akasowa. Kwathu kuno kuli chinyezi, yuriya amachita mabuma msanga, musagoneke thumba pansi, ikani pa matabwa kutali ndi khoma ndipo musalitsegule. Ndalama ikaperewera sonkhani pa kalabu mugule pamodzi. Mukaona mizere ya galimoto pomwetsera mafuta ku Luchenza kapena pa Chitakale, mafuta ophikira akukwera sabata ndi sabata, dziwani kuti madola athina, pitani mawa lomwelo.